“Ali bwinoko” si uthenga: zimene ndimapempha amayi kundilembera mwana akamatsegula m’mimba



Pa mauthenga amene amabwera pa foni yanga kuchokera kwa abale ndi anansi amene akudwazika mwana kunyumba, ambiri amakhala a mawu awiri kapena atatu. “Ali bwinoko.” “Sizikusintha.” “Ndi chimodzimodzi dzulo.” Wolembayo sanama, ndipo nthawi zambiri amakhala kuti wachezera usiku wonse mwana ali pamiyendo. Koma ine amene ndili kutali, mawu amenewa sandipatsa pogwira. Sindingadziwe ngati mwanayo agone kunyumba usiku umenewo kapena apite kuchipatala dzuwa lisanalowe. Ndipo ntchito ya uthenga wa tsiku ndi tsiku ndi imeneyi basi: kuthandiza wowerenga kunena kuti “pitirizani” kapena “nyamukani”. Mawu alionse amene sakuthandiza pa chisankho chimenechi akungodya mayunitsi.

Ndilankhula za matenda amodzi okha, kutsegula m’mimba kwa mwana wosakwana zaka zisanu, chifukwa ndi matenda amene nthawi zambiri timawasamalira kunyumba, komanso ndi amene amasintha mofulumira. Ndikunena za mwana amene waonedwa kale ndi alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala, wapatsidwa Thanzi ndi zinki, ndipo auzidwa kuti akamusamalire kunyumba. Khanda losakwana miyezi iwiri silili m’gulu limeneli. Ilo likadwala, palibe zolemberana, n’kunyamuka.

Uthenga wa madzulo umayamba kulembedwa m’mawa. Mukadikira kuti dzuwa lipendeke kenako n’kuyamba kukumbukira kuti kodi watsegula kangati, mudzapeza kuti mutu wasakaniza za lero ndi za dzulo. Mayi wotopa amakumbukira chimbudzi chimene chinamuopsa kwambiri, ena onse amaiwalika. Choncho ndimapempha kuti pakhale pepala, ngakhale lothothola m’kope la mwana wa sukulu, ndipo nthawi iliyonse mwana akatsegula, akasanza, akakodza kapena akamaliza kapu ya Thanzi, mukhwatche kamzere. Kumene wosamalira mwana ndi agogo osadziwa kulemba, mbale zitatu zimagwira ntchito yomweyo: njere ya chimanga pa chimbudzi chilichonse, nyemba pa mkodzo, mtedza pa kapu ya Thanzi. Madzulo mdzukulu wa sukulu amangowerenga njere n’kulemba.

Tigwirizanenso kuti tsiku likuyambira pati. Ngati uthenga mumatumiza 6 koloko madzulo, ndiye kuti mukuwerenga kuyambira 6 koloko ya dzulo mpaka 6 koloko ya lero, usiku womwe. Ambiri amasiya za usiku ngati kuti si za tsikulo, pamene mwana amataya madzi usiku ngati mmene amatayira masana. Ndipo nthawi yotumizira ikhale yoti kukadali kowala pang’ono, akabaza asanaweruke. Uthenga wofika 10 koloko usiku, ngakhale utalembedwa bwino chotani, umapeza njira zitatsekeka kale.

Tsopano, pa zonse zimene mwaona tsiku lonse, n’ziti zoyenera kulowa mu uthenga? Ine ndimaganiza za mwana wotsegula m’mimba ngati ndowa yobooka. Chimene chimapha ana ambiri pa matenda amenewa ndi kutha kwa madzi m’thupi. Ndiye ndikufuna kudziwa zinthu zitatu: madzi otuluka, madzi olowa, ndi zimene zikusonyeza kuti m’ndowamo mwatsala ochuluka bwanji.

Otuluka ndi chimbudzi ndi masanzi. Ndiuzeni kangati, ndipo pambali pake ikani nambala ya dzulo. Kasanu ndi kamodzi payokha sikandiuza kanthu. Ngati dzulo kanali kasanu ndi katatu, tikupita kwabwino. Ngati dzulo kanali katatu, tikupita koipa. Ine amene ndikuwerenga mwina ndili pantchito, ndili ndi odwala ena m’manja, ndipo sindingayambe kufufuza uthenga wanu wa dzulo pakati pa mauthenga ena ambirimbiri. Mukandilembera nambala zonse ziwiri pamodzi, mwandichitira theka la ntchito.

Olowa ndi bere, Thanzi ndi chakudya. Apa mawu akuti “akumwa” ndi osakwanira, chifukwa mwana amene wanyambita masupuni atatu tsiku lonse nayenso “wamwa”. Mwana wosakwana zaka ziwiri amafunika mamililita 50 mpaka 100 a Thanzi nthawi iliyonse akatsegula, pafupifupi kota kapena theka la kapu ya tiyi. Wa zaka ziwiri kupita m’tsogolo amafunika 100 mpaka 200, theka la kapu kapena kapu yodzaza. Choncho mukandiuza kuti mwana wa chaka chimodzi watsegula kasanu ndi kamodzi ndipo wamwa makapu atatu, ndimawerengera mumtima n’kuona kuti zimene zatuluka zabwezeredwa. Mukandiuza kuti wamwa kapu imodzi, ndikudziwa kuti ndowa ikuphwa, ngakhale mwanayo akuoneka bwino pakali pano. Gwiritsani ntchito kapu imodzimodziyo masiku onse kuti nambala zizigwirizana. Za zinki ndi mawu amodzi okha, “wamwa” kapena “sanamwe”, koma ndimawafuna tsiku lililonse, chifukwa zinki amamwa masiku onse amene mwauzidwa, khumi kapena kuposerapo, ndipo ambiri amasiya tsiku limene chimbudzi chauma.

Chachitatu, chimene ambiri amaiwala, ndi mkodzo. Mkodzo ndiwo mboni ya madzi otsala m’thupi. Thupi likayamba kusowa madzi, impso zimaumira, mkodzo umachepa ndipo umakhala wachikasu kwambiri. Ndikudziwa kuti kuwerenga mkodzo wa mwana wovala thewera n’kovuta, chifukwa chimbudzi chamadzi chimasakanikirana ndi mkodzo. Muvuleni thewera kwa kanthawi, akhale pa chitenje kapena pamkeka, mudzaona. Ngati kuwerenga kwakanika, ndilembereni nthawi imene munamuona akukodza komaliza. “Wakodza komaliza m’bandakucha” ndi mawu amene angandidzutse pampando. Mwana wamng’ono akatha maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo osakodza, madzi achepa.

Pamwamba pa nambala, ndimafuna mawu ochepa onena mmene mwanayo akukhalira, koma akhale mawu a zimene maso aona. “Akusewera ndi mkulu wake.” “Wadya phala theka la mbale.” “Akungolira, akulimbirana kapu.” “Akungogona.” Apa ndi pamene mawu akuti “ali bwinoko” amatisokeretsa kwambiri. Mwana amene dzulo amalira usiku wonse lero wangoti zii, banja limapuma n’kunena kuti wapeza bwino. Koma mwana amene madzi atha kwambiri amasiya kulira chifukwa alibenso mphamvu zolirira. Ukamudzutsa amatsegula maso pang’ono n’kugonanso, ukamupatsa bere amangoligwira osayamwa. Kukhala chete kumeneko si kuchira. Mukandilembera kuti “akungogona, sakuyamwa”, ndidzamva zoona. Mukandilembera kuti “wakhazikika”, mwandiuza maganizo anu, ndipo zimene mwaona mwazibisa osafuna.

Pali chinanso chimene anthu amadabwa nacho ndikawapempha: muzilembanso zimene palibe. Ngati m’chimbudzi mulibe magazi, lembani kuti “magazi ayi”. Ngati thupi silikutentha, lembani choncho. Mukangokhala chete pa nkhani ya magazi, ine sindingadziwe ngati mwayang’ana osawapeza kapena simunayang’ane n’komwe. Mawu awiri amenewo amandichotsera funso limodzi, ndipo kumudzi kumene netiweki imapezeka pachulu pokha, funso lililonse limene ndingabweze likhoza kutenga ola kuti liyankhidwe.

Ndikuuzeni mmene zinayendera ndi mwana wa mng’ono wanga. Amakhala kumudzi ndi amayi athu, ulendo wa ola ndi theka pa njinga kukafika kuchipatala chaching’ono, ndipo alamu ali ku Joni. Mwanayo anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi, ndipo sikelo yomaliza m’buku lake inali makilo 9. Anayamba kutsegula Lamlungu usiku, Lolemba m’mawa anakaonana ndi alangizi ndipo anapatsidwa Thanzi ndi zinki. Uthenga woyamba umene ananditumizira unali wautali, ndipo uthenga woyamba uyenera kutero, chifukwa ndi umene umanyamula zinthu zosasintha: zaka za mwana, kulemera kwake, tsiku limene matenda anayamba, amene anamuona ndi mankhwala amene anapatsidwa. Zimenezi zimalembedwa kamodzi. Masiku otsatira sizibwerezedwa, pokhapokha ngati uthenga ukupita kwa munthu watsopano.

Lachiwiri madzulo ananditumizira uwu:

“Lachiwiri. Watsegula ka 6 (dzulo 8), magazi ayi. Wasanza 1. Wakodza 4. Thanzi makapu 3, zinki wamwa. Akuyamwa, akusewera. Thupi silikutentha. Tipitirize?”

Ndinauwerenga ndili chiimire ndipo yankho linali lokonzeka ndisanafike kumapeto. Chimbudzi chikuchepa, makapu atatu akugwirizana ndi kutsegula kasanu ndi kamodzi, mkodzo ulipo, mwana akusewera. Ndinayankha kuti apitirize, asasiye kuyamwitsa ndi kumupatsa phala, ndipo Thanzi amene watsala kuchokera dzulo atayidwe, asungunule wina m’lita imodzi ya madzi otetezedwa, chifukwa wosungunula sagona kupitirira maola 24. Onani kuti uthengawo unatha ndi funso. Funso limauza wowerenga chimene mukufuna kwa iye. Popanda funso, ena amangowerenga n’kuyankha kuti “chabwino”, inu n’kutsala osadziwa ngati “chabwino” ameneyo ndi malangizo kapena ulemu chabe.

Lachitatu, foni inalira 1 koloko masana, nthawi ya uthenga isanakwane:

“Achemwali, wakodza komaliza 5 m’mawa. Maso alowa. Wasanza ka 3, Thanzi kapu 1 yokha. Watsegula ka 3 basi. Akulira, akufuna kumwa. Amayi akuti akuchira. Titani?”

Amayi sanalakwe kuwerenga. Chimbudzi chinachepadi, ndipo munthu woyang’ana chimbudzi chokha akananena kuti zikuyenda. Koma nambala zikaikidwa pamodzi zimanena nkhani ina. Masanzi awonjezeka, Thanzi amene walowa ndi wochepa ndipo wina wabwerera, mkodzo wasowa kwa maola asanu ndi atatu, maso alowa, mwana ali ndi ludzu. Ndinaimba nthawi yomweyo. Ndinamuuza mng’ono wanga kuti atsine khungu la pamimba pa mwana n’kulisiya, ndipo anati likubwerera mochedwa. Ndinati anyamuke, atenge buku la kuchipatala, pepala la timizere ndi botolo la Thanzi, ndipo m’njira azimupatsa ndi supuni pang’onopang’ono. Akasanza adikire mphindi khumi n’kuyambiranso modekha. Amayi ndinalankhula nawo padera. Ndinati, “Amayi, mwawerenga bwino, ndipo ndi njere zanu zomwezo zimene zatiuza kuti mdzukulu wanu apite lero.”

Kuchipatala anapeza kuti madzi achepa koma sanafike pofunika diripu. Anawakhazika pabenchi kwa maola anayi akumumwetsa Thanzi moyang’aniridwa, mamililita 75 pa kilo iliyonse, amene kwa mwana wa makilo 9 ndi pafupifupi 675, makapu atatu ndi pang’ono. Anakodza asanachoke. Mng’ono wanga anandiuza kuti adokotala atafunsa kuti mwana wakhala bwanji, anangowapatsa pepala lija, ndipo mafunso anathera pomwepo.

Chimene ndikufuna muone pa uthenga wachiwiriwu ndi dongosolo lake. Tsiku labwino, mng’ono wanga anayamba ndi chimbudzi n’kumatsika mwadongosolo la masiku onse. Tsiku loipa, anayamba ndi chimene chasintha ndi kumuopsa: mkodzo ndi maso. Foni zambiri zimaonetsa mawu oyambirira okha uthenga ukangofika, munthu asanautsegule. Ngati mawu oyambawo ndi “Mwaswera bwanji achemwali, kuno tili bwino kaya inu”, wowerenga wotanganidwa adzati ndiona ndikamaliza. Ngati ndi “wakodza komaliza 5 m’mawa”, adzasiya zimene akuchita. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kuyamba nkhani popanda moni kumaoneka ngati mwano, makamaka polembera munthu wamkulu. Gwirizanani tsiku loyamba kuti pa nkhani ya wodwalayi moni azibwera kumapeto, ndipo palibe amene adzakhumudwe.

Chachiwiri, sanadikire 6 koloko. Uthenga wa tsiku ndi tsiku ndi wa masiku amene zinthu zikuyenda monga tinayembekezera. Pali zizindikiro zimene sizilembedwa pa pepala kuti zidikire madzulo, ndiponso sizidikira yankho la aliyense: mwana akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse chimene walandira, wakomoka kapena kugwedezeka thupi, walefuka moti akuvuta kudzutsa, m’chimbudzi muli magazi, kapena wayamba kutentha thupi. Chimodzimodzinso chimbudzi chochuluka chooneka ngati madzi otsukira mpunga, chimene tonse amene tinaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 sitingachiiwale. Chimenecho chimatha madzi m’maola ochepa. Mukaona chimodzi mwa izi, uthenga wanu ukhale woti “tanyamuka, tikupita kuchipatala”, wolembedwa muli kale panjira.

Ndipo ngati mwatumiza uthenga koma yankho silikubwera, musatenge chetecho ngati chilolezo chokhala. Namwino akhoza kukhala m’chipinda chochilira, foni ikhoza kutha moto, uthenga ukhoza kufika mawa. Ine ndimauza abale anga kuti ngati akukayika ndipo sindinayankhe, apite kwa alangizi kapena kuchipatala osandidikira. Amene ali pa Airtel akhozanso kuimba Chipatala Cha Pa Foni pa 54747 kwaulere n’kuwerenga uthenga womwewo kwa amene wayankha. Uthenga wolembedwa bwino umagwira ntchito kwa wazaumoyo aliyense, ngakhale amene sanamuonepo mwanayo.

Nanga n’ziti zosiya? Siyani mbiri ya mmene usiku unayendera ola ndi ola. Imeneyo ili pa pepala, ndipo ndikaifuna ndifunsa. Siyani zoganizira chimene chayambitsa, kaya ndi mano, kaya ndi mango, kaya ndi madzi a pachitsime cha uje. Tidzakambirana mwana akachira. Koma musasiye chilichonse chimene mwana wamwetsedwa, ngakhale mukuopa kuti ndikalipa. Ngati agogo amupatsa mankhwala azitsamba, kapena mwagula makapisozi pagolosale, lembani. Zimenezo zimasintha malangizo amene ndingapereke, ndipo kubisa kumapweteka mwana, osati ine.

Kufupikitsa kulinso ndi phindu la m’thumba. Meseji imodzi wamba imanyamula zilembo 160, kuphatikizapo mipata. Uthenga wa Lachiwiri uja unakwana m’meseji imodzi. Mukapitirira, foni imaudula pawiri ndipo mumalipira kawiri. Mukaikamo tizithunzi ta nkhope yolira kapena manja opemphera, malire amatsika kufika pa zilembo 70. Amene muli pa WhatsApp mulibe malire amenewa, koma musatengerepo mwayi wolemba kalata. Mawu ojambula ndi abwino kwa amene kulemba kumawavuta, koma muyambe mwawerenga njere zanu, ndipo munene nambala mwadongosolo lomwelo pasanathe theka la mphindi. Mawu ojambula a mphindi zisanu munthu sangawamvetsere ali pakati pa odwala. Zithunzi za mwana ali maliseche kapena za thewera musaziponye pa gulu la banja kapena la mpingo. Ngati wazaumoyo wapempha chithunzi, chipite kwa iye yekha.

Pomaliza, wolemba akhale mmodzi. Ndalandirapo mauthenga atatu osiyana onena za mwana mmodzi madzulo amodzi: mayi akuti wafooka, azakhali akuti akusewera, bambo amene ali kutali akuti wamva kuti wagonekedwa. Amene akugona ndi mwana ndiye mwini pepala ndi mwini uthenga. Ena onse alandire uthenga womwewo osasinthidwa. Kwa alamu ku Joni, mng’ono wanga ankatumiza mawu omwewo amene ankanditumizira ine, n’kuwonjezera mzere umodzi wokha wonena ngati ndalama ya kabaza ilipo m’nyumba kapena ayi. Ndalama imeneyo inafika Lolemba, ndipo Lachitatu panalibe zoyamba kuyenda khomo ndi khomo kukongola.

Koperani mizere iyi pachikuto cha kope, muzingodzaza madzulo alionse:

Tsiku.
Watsegula kangati, dzulo kangati, magazi alipo kapena ayi.
Wasanza kangati.
Wakodza kangati, kapena komaliza nthawi yanji.
Thanzi makapu angati, zinki wamwa kapena ayi.
Akuyamwa, akudya, akusewera kapena akungogona.
Thupi likutentha kapena ayi.
Funso lanu.

Pitirizani kulemba mpaka chimbudzi chibwerere mwakale, ndipo za zinki mpaka mapilitsi athe. Ngati papita masiku atatu nambala sizikutsika, bwererani kwa amene anamuona mwana, pepala lili m’manja. Ngati kutsegula kwafika masiku 14, ngakhale kukhale kwa pang’onopang’ono, mwanayo akufunika kuonedwa kuchipatala ndi kukwezedwa sikelo.

Mugone bwino, ndipo odwazika nonse Mulungu akupatseni mphamvu.